Mwana wagwidwa nyesi mushopu, eni nyumba akuti vuto ndi firiji yanga

Anaphiri a Zoziziritsa: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo, ndipo ndikufuna mundithandize kalembedwe ka kalata yopita kwa eni nyumba. Ndimachita lendi shopu kufupi ndi msika pa boma, ndimagulitsa zakumwa zoziziritsa ndi mafirizi. Lachiwiri m'mamawa mwana wa achemwali anga amene amandithandiza ankakolopa. Analibe nsapato, pansi panali ponyowa. Atatsamira firiji yaikulu ija kuti afikire kuseri, inamugwira. Anakuwa, dzanja linakana kuchoka, mpaka anagwera chagada n'kumenyetsa chigongono pa kauntala. Pachikhatho pali kabala koyera ngati wapsa ndi ndudu. Ndinawaimbira eni nyumba, anabwera masana, anagwira firiji ndi dzanja lawo, palibe chinachitika. Akuti mawaya awo ali bwino, buleka sinagwe, vuto ndi firiji yanga yakale. Koma ine ndakhala ndikumva kunyerenyetsa ndikagwira zitsulo za pawindo, makamaka kukagwa mvula. Ndilembe chiyani kuti andimvere?

Mayi a Unamwino: Kalata ibwera pambuyo, Anaphiri. Mwanayo mwapita naye kuchipatala? Ngati dzanja linakanirira ndiye kuti magetsi analowa padzanja n'kutulukira kumapazi, ndipo njira imeneyo imadutsa pafupi ndi mtima. Kabala kapanjako musakaone kuchepa, magetsi amawotcha mkati kuposa pamwamba. Mufunseni ngati mtima ukuthamanga kapena kudumphadumpha, ngati akumva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena dzanzi m'zala. Ngakhale atati ali bwino, pitani naye akamuyeze, ndipo adokotala alembe m'buku lake la kuchipatala kuti wagwidwa ndi magetsi, tsiku lake ndi bala lake.

Anaphiri a Zoziziritsa: Tinapita tsiku lomwelo madzulo, mayi. Anamumvera mtima, anatsuka bala, analemba m'buku. Akudandaula dzanzi pa zala ziwiri basi.

Wometa pa Depoti: Pepani kwambiri amayi. Mumpatse mkaka wambiri, umachotsa magetsi m'thupi. Za firiji, imeneyo ndi kompuresa, yanga inkatero. Ikani thabwa pansi ndi mphasa ya labala kutsogolo, nkhani yatha.

Mayi a Unamwino: Achimwene, magetsi satsalira m'thupi ayi, palibe choti mkaka uchotse. Amwe ngati akuufuna, koma dzanzilo likapitirira abwerere kuchipatala.

Bambo a Mawaya: Moni nonse. Anaphiri, ndisananene za kalata ndikufunseni zitatu. Mwanayo anagwidwa nthawi yanji yeniyeni? Firijiyo imakhudza chitsulo chilichonse cha nyumba, kaya felemu ya windo kapena ya chitseko? Ndipo panja pali getsi lomwe limayaka usiku wokhawokha?

Poyembekeza yankho, zulani pulagi ya firiji mutavala nsapato zouma, musalole aliyense kugwira zitsulo za pawindozo, ndipo musakolope mpaka tidziwe. Thabwa la achimwene ometawa limabisa vuto, silichotsa. Tsiku lina kasitomala adzabwera mapazi ali onyowa, adzaponda pambali pa mphasa.

Anaphiri a Zoziziritsa: Inali cha m'ma 6 koloko m'mawa, tinali tisanatsegule n'komwe. Firiji ndinaikankhira kukhoma chifukwa malo ndi ochepa, ndipo kumbuyo kwake imagunda zitsulo za pawindo. Getsi la panja lilipo, la alonda, timaliyatsa potseka, timalizimitsa tikamaliza kukolopa. Waya wake ndi woyera wofewa uja, umatulukira pakona ya windo lomwelo.

Bambo a Mawaya: Ndiye ndikuganiza kuti eni nyumba sananame pamene anati sanamve kanthu, koma sanayesenso kanthu. Iwo anafika masana getsi la panja litazima, pansi pouma, nsapato kumapazi. Mwana anagwira getsi likuyaka, pansi ponyowa, wopanda nsapato. Ndi nyumba imodzi koma si mayeso amodzi.

Chomwe ndikukayikira ndi ichi. Waya wofewa uja sanaupangire kudutsa pachitsulo. Ukapanikizika pakona ya felemu, kutentha kwa kuno kwathu kumaumitsa chikopa chake, windo likamatsekedwa n'kutsegulidwa chikopacho chimang'ambika, mkuwa wa mkati n'kukhudza felemu. Mukayatsa swichi ya getsi la panja, felemu yonse ndi zitsulo zake zimakhala ndi moto wa mavoloti 230. Firiji yanu ikugunda zitsulozo, ndiye nayo thupi lake limatenga motowo. Mukazimitsa getsi, zonse zimakhala ngati palibe chachitika. Sindinaone ndi maso, choncho musalembe ngati chigamulo, koma nthawi yake ikugwirizana kwambiri.

Pali chachiwiri chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa choyambacho. Pulagi ya firiji ili ndi mano atatu, ndipo dzino lalikulu lapamwamba ndi la ethi. Ntchito yake ndi kulumikiza thupi la firiji ku waya wobiriwira ndi wachikasu, umene umathera ku ethi ya nyumba. Waya umenewo ukanakhala wabwino, moto wofika pathupi la firiji ukanapeza njira yake usanadikire munthu, ndipo mwina chinachake chikanagwa pabolodi la mabuleka usiku womwewo. Poti firiji inakhala ndi moto usiku wonse mpaka mwana kuigwira, mwina kuseri kwa soketiyo kuli mawaya awiri okha, kapena waya wa ethi unaduka penapake.

Che Landilodi a ku Namwera: Ine ndilankhuleko mbali ya eni nyumba, poti ndili ndi mashopu anga awiri. Alendi ambiri amabweretsa mafiriji a kaunjika, amalumikiza zinthu zisanu pa ekisitenshoni imodzi, zikavuta akuti nyumba. Ndipo bambowo anena zoona, mawaya akagundana buleka imagwa. Ngati sinagwe, vuto lili kuti?

Bambo a Mawaya: Che Landilodi, za ma ekisitenshoni ndikuvomerezani, ndawaona ambiri atasungunuka. Koma za buleka ndiye pamene anthu amafera. Buleka wamba amateteza waya kuti usapse, sateteza munthu. Tiyerekeze kuti buleka ya magetsi owunikira ndi ya maampu 10. Imadikira kuti moto wodutsa upitirire maampu 10 ndiye igwe. Tsono munthu wonyowa woponda simenti yonyowa, pa mavoloti 230, moto umene ungadutse mwa iye ungafike pafupifupi kota ya ampu imodzi. Buleka ya maampu 10 siimva n'komwe, kwa iyo ndi ngati mwayatsa babu lina. Koma kota ya ampu imodzi ikadutsa pachifuwa ndi yokwanira kusokoneza kugunda kwa mtima. Ngakhale kachigawo kochepa kwambiri ka pamenepo kamafinya minofu ya dzanja moti munthu amalephera kusiya chimene wagwira, n'chifukwa chake dzanja la mwanayu linakanirira. Chinamupulumutsa ndi kugwa kuja.

Chimene chimateteza munthu ndi chida china chomwe timachitcha ethi likeji. Pabolodi mumachizindikira chifukwa ndi chotambalala kuposa mabuleka ena, chili ndi kabatani kolembedwa `T` kapena `TEST`, ndipo pamwamba pake palembedwa `30mA`. Chimenechi chimayerekeza moto wopita ndi moto wobwerera. Ukasiyana pang'ono, kutanthauza kuti wina wathawira kwina, kaya m'khoma kaya mwa munthu, chimadula nthawi yomweyo. Anaphiri, taonani pabolodi lanu ngati chilipo.

Anaphiri a Zoziziritsa: Apa ndiye pali vuto lina, bambo. Bolodi silili mushopu yanga. Mashopu ndi atatu, mita ndi imodzi, timasonkherana mayunitsi. Bolodi lili m'kachipinda kakumbuyo ndipo kiyi amasunga mphwawo wa eni nyumba amene amakhala kutsidya kwa mlatho. Tsiku lija chikhala kuti mwana sanagwe yekha, ndikanazimitsa pati?

Mayi a Telala: Iii, zimenezo ndiye zoopsa kuposa wayawo. Ifenso kwathu mita ndi imodzi ndipo timakangana mwezi ndi mwezi, wa saluni amayatsa madulaya tsiku lonse koma timasonkha mofanana. Anaphiri, inu mumagawana bwanji?

Che Landilodi a ku Namwera: Mayi, za mayunitsi tiyambitse nkhani ina. Koma pa kiyi ndavomera, pamenepo mnzangayo walakwa. Wa lendi aliyense ayenera kufikira swichi yaikulu usana ndi usiku.

Mnyamata wa Mafoni: Amayi musavutike ndi makalata. Imbirani a ESCOM abwere adzadule, landilodi adzathamanga yekha. Kapena musalipire lendi mwezi uno.

Bambo a Mawaya: A ESCOM mbali yawo ndi waya wochokera papolo kufika pamita. Mukaona waya wa papolo wagwa, ukuthetheka, kapena ukukhudza malata, aimbireni msanga. Chimodzimodzi ngati nyumba zingapo zoyandikana zayamba kugwira nyesi nthawi imodzi, kapena mababu ena akuwala mopitirira pamene ena akuzirala, chifukwa pamenepo vuto lingakhale la panja. Koma kuchokera pamita kulowa mkati ndi za mwini nyumba, ndipo wozikonza ayenera kukhala mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA. Anaphiri, afunseni anzanu a mashopu awiriwo ngati nawonso akumva kanthu.

Anaphiri a Zoziziritsa: Ndawafunsa. Wa golosale akuti ayi. Wogulitsa nsomba zouma alibe chilichonse chamagetsi kupatula babu. Ndalemba kalata iyi, tandikonzereni:

"Bambo, ndakhumudwa kwambiri ndi mmene mwatengera nkhani ya mwana wanga. Nyumba yanu ndi yoopsa ndipo mukufuna kutipha. Mukapanda kukonza sabata ino ndikakusumirani ndipo lendi sindilipira."

Mayi a Telala: Yakwana imeneyo, amve kuwawa.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo ine ndikanakwiya kuposa pamenepo. Koma kalatayi ikuwapatsa bambowo poyambira mkangano, siikuwapatsa chochita. Adzayankha za mawu oti "kutipha", za waya adzaziiwala. Komanso tsiku lina kalatayi ikadzawerengedwa ndi munthu wina, kaya kwa amfumu, kaya kukhonsolo, kaya kukhoti, munthuyo adzafuna kudziwa tsiku, nthawi, chimene chinachitika ndi chimene munapempha. M'menemu mulibe. Lembani zimene munaona ndi maso anu, zokayikira muzitchule kuti ndi zokayikira. Ndayesa motere, a Mawaya awonjezere zaumisiri:

"Bambo, ndikulemba kutsatira zimene ndinakuuzani pafoni Lachiwiri. Tsiku limenelo cha m'ma 6 koloko m'mawa, mwana amene amandithandiza mushopu anagwidwa ndi magetsi atakhudza firiji pamene ankakolopa. Dzanja linakanirira, anagwa, ndipo ali ndi bala pachikhatho. Anaonedwa kuchipatala tsiku lomwelo ndipo zinalembedwa m'buku lake. Nthawi imeneyo getsi la panja linali likuyaka. Pamene inu munabwera masana linali lozima. Waya wa getsilo umadutsa pafelemu ya windo, ndipo firiji inkagunda zitsulo za windo lomwelo. Ndakhala ndikumva nyesi pazitsulozo kukagwa mvula. Pakadali pano ndazula firiji ndipo getsi la panja sindikuliyatsa. Ndikupempha kuti pofika Lachisanu mubweretse mmisiri wa chiphaso adzayeze mawaya a shopuyi ine ndilipo, getsi la panja litayatsidwa. Ndikupemphanso kiyi wa chipinda cha bolodi lero lomwe. Firiji yanga nayonso ayiyeze, ndipo ikapezeka ndi vuto ndidzakonzetsa ndekha."

Muike deti lenileni pamwamba ndi pamene pali Lachiwiri ndi Lachisanu. Lembani ziwiri, imodzi asayine kuti alandira, musunge. Akakana kusayina, apatseni pamaso pa wa golosale uja, kenako mujambule kalatayo n'kuwatumizira pafoni.

Bambo a Mawaya: Aphunzitsi mwaikhoza, makamaka mawu oti getsi litayatsidwa, chifukwa popanda amenewo mmisiri adzabwera masana n'kunena zomwe ananena eni nyumba. Ndiwonjezere zoti mmisiriyo adzachite, kuti asadzangogwira ndi tesita n'kumapita. Tesita ya sikuludiraiva ija imayaka ngakhale pamene pali kamoto kosaopsa, ndipo nthawi zina padzuwa simuona n'komwe kuti yayaka. Abwere ndi mita yoyezera. Ayeze pakati pa felemu ya windo ndi ethi yodalirika, getsi lili lozima, kenako litayaka, firiji itachotsedwa pakhoma. Azimitse bolodi, atsegule soketi ya firiji, muone nonse ngati muli mawaya atatu. M'nyumba zakale mupeza wofiira ndi wakuda, m'zatsopano wabulauni ndi wabuluu, koma wachitatu wobiriwira ndi wachikasu ayenera kukhalapo, womangidwa bwino, ndipo ayeze kuti ukufikadi kubolodi. Kenako apite panja akaone chitsulo cha ethi chokhomedwa pansi ngati waya wake ulipo. Ambiri ndimawapeza ataduka ndi khasu polambula, ena anabedwa chifukwa ndi mkuwa. Pomaliza adine kabatani ka ethi likeji ngati ilipo. Ikapanda kugwa ndiye kuti ndi yakufa. Zimene wapeza alembe papepala, asayine, aikepo nambala ya chiphaso chake.

Musanapereke kalata, jambulani waya pakona ya windo mmene ulili, osaugwira. Zithunzi zikhale zisanakonzedwe.

Wometa pa Depoti: Za ethi ndikudziwa, kwathu tinathira mchere ndi makala padzenje, nyesi inatha.

Bambo a Mawaya: Mchere ndi makala zimathandiza dothi kugwira chinyezi, ndipo kuno kumene malo ambiri ndi mchenga wouma chitsulo chimodzi chachifupi nthawi zambiri sichikwana, pamafunika chachitali kapena zingapo, ndi kuyeza. Koma mchere umadyanso chitsulo ndi polumikizira pake, ndiye pakapita nthawi mumabwerera pomwe munali. Chachikulu n'chakuti ethi yabwino siichiritsa waya wong'ambika. Nyesi ikatha chifukwa mwathira mchere, moto ukuthawabe, mwangoupatsa njira ina, ndipo mayunitsi anu akupita m'dothi. Kwanuko munapeza chimene chinkatulutsa motowo?

Wometa pa Depoti: Sitinafufuze, bola inasiya.

Bambo a Mawaya: Kayezetseni achimwene, makina ometera mumawagwiritsa pamutu pa anthu.

Anaphiri a Zoziziritsa: Ndabwerera, abale. Kalata ndinapereka Lachinayi monga analembera aphunzitsi. Bambowo anaiwerenga kawiri, anakana kusayina, koma kiyi anatumiza madzulo omwewo. Mmisiri wabwera lero Loweruka. Getsi lili lozima, pafelemu panalibe kanthu. Atayatsa, mita yake inaonetsa 226. Eni nyumba anangoti kukamwa yasa. Atazimitsa bolodi n'kusolola waya uja, pakona unali utadyeka mpaka mkuwa kuonekera, wakuda ngati wapsa, ndipo pafelemu pali kadontho kowauka. Soketi ya firiji ili ndi mawaya awiri okha. Pabolodi palibe chija cha `30mA`. Chitsulo cha ethi chilipo kuseri koma waya wake ukulendewera m'mwamba. Firiji aiyeza payokha, akuti ilibe vuto.

Mayi a Unamwino: Mulungu ndi wamkulu, mwanayo anapulumukira pakamwa pa imfa. Zala zili bwanji?

Anaphiri a Zoziziritsa: Chala chimodzi chasiya, china chikadali ndi dzanzi. Tibwereranso Lolemba. Koma nkhani sinathe. Waya wa getsi auchotsa lero, akuti adzaika wina m'paipi kudzera pakhoma, ndipo waya wa ethi kuseri aulumikiza. Pa zimenezi eni nyumba alipira. Koma kukoka waya wachitatu kufika kumasoketi ndi kugula ethi likeji akuti tigawane, chifukwa getsi la panja analiika ndi wa lendi amene analipo ine ndisanalowe, osati iwo. Zakuchipatala ndi katundu wanga amene wasungunuka masiku amene firiji yakhala yozima sakufuna kumva n'komwe.

Che Landilodi a ku Namwera: Pa getsi la wa lendi wakale ndikuwamvetsa, alendi amalumikiza zinthu osatiuza. Koma shopu ikamalowa munthu watsopano mwini wake amayenera kuiyendera. Soketi yopanda ethi ndiye sangaikankhire kwa wina, ndi ya nyumba, ndipo mukadzatuluka simudzainyamula. Za katundu wosungunuka, pamenepo ine sindikanalipira, ndinene zoona. Zakuchipatala ndikanapepesa ndi kenakake.

Mnyamata wa Mafoni: Ndinanena ine, dulani palendi basi.

Aphunzitsi Opuma: Kudula palendi mwa inu nokha kungawapatse chifukwa chokutulutsani ngati munthu wa ngongole, nkhani ya waya n'kukwiririka. Ngati mukufuna ntchito ichitike msanga, mutha kulipira inu, koma pokhapokha atalemba ndi kusayina kuti ndalama yakutiyakuti idzachotsedwa palendi ya mwezi wakuti, malisiti muli nawo. Munalemberana pangano polowa? Muone ngati likunenapo za wokonza zowonongeka.

Anaphiri a Zoziziritsa: Pangano lilipo la tsamba limodzi, likungonena za lendi ndi notisi ya mwezi umodzi. Za kukonza mulibe. Bambo a Mawaya, pakadali pano firiji ndingayatse? Kutenthaku ndikutaya makasitomala.

Bambo a Mawaya: Chimene chinamugwira mwana chachotsedwa, koma soketiyo ikadali yopanda ethi, ndiye firiji ikadzayamba vuto lake mawa palibe choteteza. Ine sindingakuuzeni kuti yatsani. Chomwe chingatheke msanga osadikira mkangano wonse ndi chakuti mmisiri yemweyo akoke waya watsopano wa saizi 2.5 wa mawaya atatu kuchokera kubolodi kufika pa soketi imodzi yokha ya firiji, aike ethi likeji pamzere umenewo, ayeze ethi, adine batani muone ikugwa. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Masoketi enawo atsekedwe kaye. Dziwaninso kuti akaika ethi likeji imodzi ya mashopu onse atatu, vuto la mnzanu lizidzazimitsa firiji yanu usiku inu muli kunyumba, ndiye kambiranani kuti shopu iliyonse ikhale ndi yake.

Mayi a Telala: Nanga mashopu awiri enawo masoketi awo atsegula? Poti anamanga ndi munthu mmodzi.

Anaphiri a Zoziziritsa: Sanatsegule. Wa golosale akuti iye safuna zokangana ndi eni nyumba chifukwa ali ndi ngongole ya miyezi iwiri. Aphunzitsi, ndithandizeni kalata yachiwiri ya za kuchotsa palendi, ndikufuna ndikaipereke mawa ndisanagule waya. Mmisiri wandipatsa kale pepala la zimene wapeza, lili ndi nambala ya chiphaso chake.

Aphunzitsi Opuma: Tumizani chithunzi cha pepalalo ndi mtengo umene wakuuzani, koma kumbali, osati pagulu. Nthawi ino pakhale mboni ziwiri, ndipo waya musagule asanasayine.